Uthenga wa tsiku lobadwa kwa amene simunamufunsire

Pa masiku onse a pachaka, pali limodzi lokha limene mungalembere munthu amene simunazolowerane naye kwenikweni, iye osadabwa kuti kwagwanji. Ndi tsiku lake lobadwa. Tsiku limenelo foni yake siipuma: azakhali a kumudzi, anzake a kusekondale, a kukwaya, ngakhale uja anabwereka ndalama chaka chatha n'kusowa. Uthenga wanu ukafika pakati pa onsewa sukhala wachilendo. N'chifukwa chake munthu amene wakhala miyezi akuba maso, mtima ukufuna koma pakamwa pakukanika, amalidikira tsikuli.

Vuto lili pomwepo. Mukalemba monga alembera wina aliyense, uthenga wanu umira m'chigulu ndipo mudzalandira "zikomo" yemweyo amene alandire azakhali. Mukakhuthula zonse za mumtima, mwamusenzetsa mwini tsiku katundu amene sanapemphe, ndipo ayenera kusiya keke yake n'kuyamba kuganiza za mmene angakuyankhireni. Uthenga wabwino umakhala pakati: umamveka bwino kwa amene akufuna kumva, ndipo umamusiyira mpata amene sakufuna woti ayankhe mwaulemu ngati kuti sanamve kalikonse. Ntchito yake si kufunsira ayi. Ntchito yake ndi kufufuza ngati kufunsirako kungalandiridwe.

Kuti zimveke, tiyerekeze nkhani imodzi. Mnyamata wina wa ku Zomba anali m'gulu la operekeza pa ukwati wa mnzake. Kwa miyezi iwiri, Loweruka lililonse masana, ankakumana kuphunzira masitepe. M'gulumo munali mtsikana amene ankasonkhetsa ndalama za yunifolomu, wosalola ngongole, amene aliyense ankamutchula kuti msungichuma. Mnyamatayu kuvina kunkamuvuta, ndipo akaphonya sitepe mtsikana uja ndiye ankayamba kuseka. Ukwati unachitika, gulupu ya pa WhatsApp inazizira. Awiriwa nambala ali nazo, analemberanapo kangapo za ndalama ndi za nthawi yofikira kuholo, basi. Lero m'mawa wina walemba m'gulupu muja kuti msungichuma wathu wabadwa lero.

Choyamba chimene mnyamatayu alemba ndi ichi: "Tsiku lobadwa labwino. Mulungu akupatseni zaka zambiri." Palibe cholakwa, koma mulibenso iyeyo. Akanatha kuwatumizira abusa ake mawu omwewa osasinthako ngakhale chilembo. Afufuta. Kenako mtima ukwera, zala zithamanga: ayamba kufotokoza kuti chikuonereni tsiku loyamba tulo sakupeza, kuti ndinu mkazi amene wakhala akupempherera, kuti lero wati alimbe mtima. Pofika mzere wachikhumi wayiwala n'komwe kuti nkhani inali tsiku lobadwa. Uthenga wotere umakamba za wolemba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo umangosiya mayankho awiri, kulola kapena kukana. Munthu amene mwangocheza naye za masitepe sangalole lero, choncho mwamukakamiza kukana, kapena kukhala chete n'kuyamba kukuzembani.

Ulendo wachitatu alemba chonchi:

"Zabwino zonse pa tsiku lanu lobadwa, a msungichuma. Mulungu akuwonjezereni zaka, ndipo kuseka kuja munkandiseka nako ndikaphonya sitepe kusathe. Kunena zoona, chithereni ukwati uja masana a Loweruka sakukomanso. Keke ikatsala mundisungireko, Fanta ndibweretsa ndine."

Ziganizo zinayi zokha, koma chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba ndi mafuno abwino enieni, ndipo ayenera kukhala patsogolo chifukwa ndiwo akupatsani chilolezo cholemba. Dzina loti msungichuma likukumbutsa kumene anadziwirana popanda kufunsa kuti "mukundikumbuka?", funso limene limamuchepetsa wofunsayo. Chiganizo chachiwiri chikutchula chinthu chimene mnyamatayu anaona ndi maso ake, ndipo akudziseka yekha. Apa ndi pamene uthenga wake ukusiyana ndi ena onse a tsikulo: palibe wina angalembe za kuseka kumeneko, ndipo mtsikanayo aona kuti munthuyu ankamuyang'anitsitsa.

Kukopa kwenikweni kuli m'chiganizo chachitatu chokha. Taonani mmene chakhalira. Sichikunena kuti "ndakusowani". Chikunena kuti Loweruka silikukoma, ndipo zili kwa wowerenga kusankha tanthauzo. Ngati nayenso mtima wake unkagunda, amva kuti ndiye wasowedwa, ndipo amwetulira. Ngati ayi, angathe kuyankha kuti "eya, gulu lija linalidi losangalatsa", nkhani n'kuthera pomwepo, wina osachita manyazi. Adzakumanabe pa chinkhoswe cha mnzawo wina n'kupatsana moni bwinobwino. Chiganizo chotere chikhale chimodzi. Mukaika ziwiri kapena zitatu zotsatizana, tanthauzo lachiwiri lija limatha ndipo chatsala ndi kufunsira kobisa nkhope.

Chomaliza, cha keke ndi Fanta, ndi khomo losiyidwa pang'ono. Kufunsa keke kwa wobadwa ndi nthabwala imene aliyense amaponya, moti siwopsa. Koma mnyamatayu waonjezerapo lonjezo loti abweretsa kanthu, kutanthauza kuti akufuna kuonana. Sanatchule tsiku, sanatchule malo, sanafunse funso lofuna yankho lero lomwe. Ine ndimaona kuti anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amatseka ndi "ndiye tikumana liti?" ndipo uthenga wonse umasanduka pempho.

Iwe kapena inu

Pa Chichewa palibe kuthawa: muyenera kusankha. Langizo langa n'lakuti musasinthe pa tsikuli. Ngati mwakhala mukutchulana kuti inu, musadumphire pa iwe poganiza kuti zionetsa kuyandikana. Kwa ambiri zimamveka ngati kuderera, makamaka zikachokera kwa mwamuna kupita kwa mkazi amene sanazolowerane naye. Ngati mumatchulana kale iwe, monga zimakhalira kwa ophunzira limodzi kapena okulira dera limodzi, kubwerera pa inu mwadzidzidzi kumamveka ngati mwakwiya, pokhapokha zikuonekeratu kuti ndi ulemu wa nthabwala. Ulemu wa nthabwalawu ndiwo chida chabwino kwambiri chimene tili nacho. Kumutchula mnzanu wamsinkhu wanu kuti abwana, achikulire, a tcheya kapena a msungichuma kumakhala ndi kachikondi kake, koma palibe angakugwireni nako mlandu.

Mayina ngati wokondedwa, bebi, dalingi kapena switi asiyeni. Amenewo ndi a anthu amene analolana kale. Kuwagwiritsa ntchito musanafike pamenepo kukuonetsa chimodzi mwa ziwiri: mwina mukudzipatsa malo amene simunapatsidwe, kapena mumatchula choncho aliyense. Zonsezi sizikuthandizani.

Nanga choyamikira chikhale chiyani? Yamikirani zimene munthu amachita kapena zimene amaonetsera dala kwa anthu: kaseke, mawu ake akamayimba, mmene amakambira nkhani, kulimba mtima kwake pa nkhani ya ndalama, kavalidwe. Za thupi, kupatula kumwetulira, zisiyeni kutali. Muyeso wosavuta ndi uwu: kodi uthengawu mchemwali wake atauwerenga mokweza pakhonde, inu muli pomwepo, mungapirire? Funsoli si longopeka. Uthenga wochokera kwa munthu amene akuoneka kuti akufuna umaonetsedwa kwa mnzake wapamtima mphindi zochepa chabe utafika, ndipo m'mabanja ambiri foni imodzi imadutsa m'manja angapo pa tsiku. Mukamalemba, dziwani kuti owerenga ndi awiri kapena kuposa, ndipo wachiwiriyo ndiye woweruza wouma mtima.

Akazi nawonso amalemba, ngakhale chizolowezi chathu chimati woyamba ndi mwamuna. Kwa iwo uthenga wa matanthauzo awiri ndi wofunika koposa, chifukwa mkazi akaonetsa poyera amakambidwa kuposa mwamuna. Tiyerekeze mtsikana amene amaphunzira limodzi ndi mnyamata wokonda Bullets kwadzaoneni, pamene iye ndi wa Manoma, ndipo amanyogodolana Lolemba lililonse. Angalembe kuti:

"Ndamva kuti lero wabadwa, mwana. Zabwino zonse. Chaka chino timu yako ikupatseko mtendere, chifukwa nkhope yako imakhala bwino ukamaseka kusiyana ndi ija ya Lolemba mutagonja. Ndowa ya madzi ndatunga kale, ungondiuza kumene uli."

Kapangidwe n'komweko: mafuno, chinthu cha awiriwo, chiyamikiro chimodzi chobisidwa m'chinyogodolo, ndi kakhomo kotsegula. Kuthira madzi wobadwa ndi masewera odziwika pakati pa achinyamata, choncho kuopseza ndi ndowa ndi njira yonenera kuti "ndikufuna kukuona lero" popanda kunena.

Nthawi ndi malo

Pali amene amatchera alamu kuti akhale oyamba, uthenga n'kulowa 12 koloko ya usiku yeniyeni. Musatero. Ola limenelo ndi la chibwenzi, la abale ndi la mnzake wa ponda apa n'pondepo. Munthu amene simunamufunsire akaona uthenga wanu pakati pa usiku amadziwa kuti munakhala maso kudikira, ndipo zimenezo zanena zambiri kuposa mawu anu onse osankhidwa bwino aja. Ngati ali ndi wina amene inu simukumudziwa, mwayambitsanso mafunso kunyumba ya eni. M'mawa kwambiri namonso si mwabwino kwenikweni, chifukwa ndi pamene mauthenga amagwa ambiri nthawi imodzi ndipo munthu amangoyankha mothamanga, yankho limodzi kwa onse. Ine ndimakonda nthawi ya pakati pa 10 koloko m'mawa ndi nkhomaliro, chigulu chitadutsa, kapena chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Ikapitirira 9 koloko usiku, mawu omwewo amayamba kumveka mwina.

Lembani kumbali, osati m'gulupu. M'gulupu ikanimo mafuno wamba ngati mukufuna, koma chiganizo chokopa chikaikidwa pamaso pa anthu makumi atatu chimasanduka sewero, ndipo mtsikana kapena mnyamatayo ayenera kuyankha gulu lonse likuonerera. Njira yofewa kwambiri ndi kuyankha pa sitetasi yake. Ambiri amaika chithunzi chawo pa tsikuli, ndipo yankho la pa sitetasi limapita kwa mwiniwake yekha, likuonetsanso chimene mukuyankha, moti palibe chifukwa chofotokozera kuti mwadziwa bwanji. Kumbukirani kuti sitetasi imazimiririka pakatha maola 24.

Chimene sindingalangize n'komwe ndi kutenga chithunzi chake n'kuchiika pa sitetasi yanu ndi timitima. Kwa ife kumeneko ndi kulengeza. Pasanathe ola anzanu ayamba kufunsa ngati amenewa ndiwo alamu athu, wina wajambula n'kutumiza kwa wina, ndipo mwini chithunzi amva kwa anthu kuti ali pa chibwenzi chimene iye sakuchidziwa.

Nkhani yoti tsikulo mwalidziwa bwanji si yaing'ono. Ngati Facebook yakukumbutsani, kapena mwaona pa sitetasi, kapena zalembedwa m'gulupu, kapena anakuuzani yekha, zili bwino. Ngati munaliona pa chiphaso chake cha unzika atachisiya pa tebulo, kapena m'faelo ya kuntchito, kapena m'kaundula wa kuchipatala kumene mumagwira, musalembe. Funso loti "mwadziwa bwanji?" lidzabwera, ndipo yankho loona lidzamuopsa. Onetsetsaninso kuti tsikulo ndi loona, chifukwa si onse amene analemba tsiku lenileni potsegula Facebook. Mukaona kuti abale ake ndi anzake apamtima ali zii, dikirani kaye.

Pa za timitima ndi tizithunzi tina ta emoji, kamodzi n'kokwanira. Keke, kankhope komwetulira kapena kotsinzina diso limodzi zimagwira ntchito. Mtima wofiira ndi kankhope kopsompsona n'zolemera kuposa mawu amene mwalemba, ndipo zimafafaniza tanthauzo lachiwiri lija munalisamalira. Ngati mnzanuyo ali ndi kafoni ka mabatani ndipo mukutumiza meseji wamba, meseji imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukaikamo emoji malirewo amatsika kufika pa 70, uthenga n'kuduka zidutswa, ndipo pa mafoni ena kachithunziko kamangooneka ngati kabokosi. Pamenepo lembani mawu okha.

Mawu okopera pa intaneti amadziwika msanga. Amakhala osalala mopitirira, odzaza nyenyezi, mwezi ndi maluwa, ndipo mulibe kalikonse ka munthu amene mukumulembera. Choipitsitsa ndi kungotumiza uthenga umene wina anakutumizirani, chifukwa WhatsApp imalemba pamwamba pake kuti Forwarded. Zidule ngati HBD nazonso zimanena kuti munalibe nthawi. Lembani m'chiyankhulo chimene mumachezera masiku onse, kaya ndi Chichewa, Chingelezi kapena zosakaniza, kuti akamawerenga azimva mawu anu.

Mphatso

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti kodi nditumizeko kenakake pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ine ndimati ayi, osati pa uthenga woyamba. Ndalama imasintha funso limene lili m'mutu mwa wolandira. Asanailandire amadzifunsa ngati kucheza nanu kumamusangalatsa. Atailandira amadzifunsa kuti mukufuna chiyani, ndiponso ngati tsopano ali nanu ngongole. Ena amayankha mokoma chifukwa cha manyazi a ndalamayo, inu n'kuwerenga molakwa. Ena amaibweza, ndipo kubwezeredwa ndalama kumawawa kuposa kusayankhidwa. Mukatumiza ndalama mumadzitsekera nokha njira yodziwira zoona, pomwe kudziwa zoonazo ndicho chinali cholinga. Ngati mumaonana tsiku ndi tsiku ndipo manja akukuyabwani, kanthu kotha tsiku lomwelo, monga chokoleti kapena chakumwa chozizira pa nkhomaliro, n'kokwanira.

Kuwerenga yankho

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu anzeru zawo amapusa. Mwatumiza. Tsopano ikani foni m'thumba. Kochonga kamodzi kotuwa kakutanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike: mwina bandulo yamuthera, mwina magetsi azima ndipo foni yathima, mwina ali kumene netiweki imavuta. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika pa foni yake. Tikasanduka tabuluu wautsegula, koma ambiri anazimitsa zimenezi, moti kutuwa sikutanthauza kuti sanawerenge. Ndipo pa tsiku lobadwa munthu angathe kutsegula uthenga ali pakati pa anthu n'kusunga yankho mpaka atakhala payekha. Nthawi zina kuchedwako ndi chizindikiro chabwino: mauthenga wamba amayankhidwa msangamsanga, wofuna kuganizira umasungidwa.

Mukazindikira kuti mwalakwitsa kalembedwe, WhatsApp kuyambira 2023 imalola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15, ngakhale imaonetsa kuti wakonzedwa. Zimenezo zilibe vuto. Choipa ndi kugwidwa mantha n'kufufuta uthenga wonse. Kumbali yake kumatsala mawu oti This message was deleted, ndipo mwina anali atawerenga kale pamwamba pa foni osatsegula. Tsopano ali ndi zinthu ziwiri zoti aganizire: zimene munalemba, ndi chifukwa chimene mwathawira.

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Zomba uja. Tinene kuti madzulo yankho labwera lotere: "Kkkk zikomo kwambiri. Koma masitepe aja munawaphunzira tsopano? Keke yatha, koma Fantayo musaiwale." Ili ndi yankho lotsegula, ndipo zizindikiro zake zikuoneka. Watola nthabwala yake n'kuibweza. Wafunsa funso, kutanthauza kuti akufuna macheza apitirire. Ndipo pa zinthu zonse za mu uthenga uja wasankha kugwira chija cha kukumana. Munthu amene sakufuna salakwitsa n'kukumbutsa za Fanta.

Tinene kuti m'malo mwake labwera loti "Zikomo kwambiri" ndi kachithunzi ka manja opemphera. Ili silikunena kanthu. Mwina watopa, wayankha anthu ochuluka ndipo aliyense walandira zomwezo. Mwina ndi wamanyazi. Mwina sakufuna. Mnyamatayu asafunse kuti "basi zokhazo?" Angoyankha mwachidule kuti asangalale, n'kusiya. Pakapita sabata kapena kuposerapo, pakapezeka chifukwa chenicheni, angalembe kamodzi nkhani wamba. Ngati yankho likhalanso la mawu awiri opanda funso, wayankhidwa.

Ndiye pali yankho lachitatu, limene limamveka lokoma kuposa onse koma ndilo lotseka: "Zikomo achimwene anga, Mulungu akudalitseni." Ngati sanakutchulenipo achimwene kapena achemwali n'kale lonse ndipo wayamba lero, wamva bwino lomwe zimene mumatanthauza ndipo wakuikani pa ubale mwadala. Chimodzimodzi akayankha za gulu pamene inu mumanena za iye, kapena akatchula mosafunsidwa kuti "akuti anditengera kunyanja", kapena akati "tidzaona" pa za kukumana osatchulanso. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Anthu athu ambiri, makamaka akazi, analeredwa kuti asamakane mwachindunji, ndipo wina amaopanso mmene mwamuna wokanidwa angachitire. Choncho kukana kumabwera kutavala ulemu. Iye wakusungirani ulemu wanu pokana mosakuchititsani manyazi. Inunso mubwezereni pomva.

Ndikudziwa kuti pali chiphunzitso cha pabwalo la bawo chakuti mkazi sangalole ulendo woyamba, kuti "ndikaganize kaye" ndi mwambo chabe ndipo mwamuna weniweni amalimbikira. M'masiku a makalata opatsira mwana kuti akapereke, kulimbikira kunkatanthauza kalata ina pakatha milungu. Pa foni kumatanthauza mauthenga khumi usiku umodzi, "mwaulandira?", "bwanji simukuyankha?", kuflasha, kuimba, kenako mawu onyoza. Wofuna koma wamanyazi amasiya kachingwe koti mugwire: funso, nthabwala, kuyamba yekha kulemba tsiku lina. Wosafuna sasiya kalikonse. Kusiyana kwake kumaoneka ngati munthu walola kuona. Ndipo kupitiriza kutumiza kwa amene waonetsa kuti sakufuna si nkhani ya khalidwe lokha: ku Malawi lamulo la 2016 loona za kagwiritsidwe ntchito ka intaneti ndi mauthenga a pa makina limaletsa kuvutitsa kapena kulondalonda munthu kudzera m'njira zimenezi.

Palinso anthu amene uthenga wotere suyenera kupita kwa iwo ngakhale utalembedwa mwaluso chotani. Wosakwana zaka 18 ndi mwana. Malamulo aakulu a dziko la Malawi anakonzedwa mu 2017 kuti anene zimenezo momveka. Amene muli ndi mphamvu pa iye, kaya ndi wophunzira wanu, wantchito wapansi panu, kapena wofuna thandizo ku ofesi yanu, sangakane momasuka, choncho mpata wothawira uja kwa iye kulibe. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaika mawu ndi machitidwe osafunidwa okhudza kugonana m'gulu la milandu. Wapabanja, kapena amene mukudziwa kuti ali ndi wake, mupatseni mafuno wamba aja a azakhali. Wogwira naye ntchito wofanana naye udindo n'zotheka, koma chepetsaninso, pokumbukira kuti mawa 8 koloko mukhala moyang'anizana.

Yankho likakhala lotsegula, musathamange. Usiku womwewo si wofunsira. Chezani pang'ono, mizere ingapo, ndipo muyambe ndinu kutsanzika macheza akadali okoma. Ali ndi alendo ndi abale oti acheze nawo. Koma musachedwenso mpaka nkhani ya Fanta itazizira. Pakatha masiku awiri kapena atatu, mnyamata uja alembe zomveka, zokhala ndi tsiku ndi malo: "Ngongole ya Fanta ija ndikufuna ndibweze, a msungichuma asanandilembe m'buku. Loweruka masana muli ndi mpata? Tikhoza kukumana m'tauni." Malo akhale a poyera, masana, oti iye afike ndi kuchoka yekha mosavuta. Akati Loweruka sizitheka koma Lamulungu akatuluka m'tchalitchi, zili bwino kwambiri, chifukwa wopereka tsiku lina akufuna. Akangoti sizitheka osaperekapo lina, mnyamatayu anene kuti palibe vuto, adzamuuze akadzapeza mpata, ndipo mpirawo ausiye kumeneko. Mawu enieni a chikondi, ngati adzafika, adzanenedwe pamaso.

Nanga mukazindikira mochedwa, tsiku litadutsa? Musataye mtima, ndipo musayambe ndi ndime ya kupepesa. Uthenga wa tsiku lotsatira uli ndi ubwino wake: umafika foni ili phee, ndipo umawerengedwa wokha. Chofunika ndi kusanama kuti munali kotani pamene dzulo lonse mumaoneka pa intaneti. Mukhoza kungolemba kuti: "Dzulo pamzere panali anthu ambiri, ndinati ndibwere lero kuti mundione bwino. Zabwino zonse, abwana. Chilango cha ochedwa ndi chiyani?" Funso lomalizalo limamupatsa iye mphamvu yosankha. Angati palibe chilango, zikomo, ndipo mwamva. Angatinso chilango ndi tchipisi ndi nkhuku, ndipo pamenepo funsani tsiku. Pakadutsa masiku oposa awiri kapena atatu, za tsiku lobadwazo zisiyeni, mupeze chifukwa china cholembera.